Meseji yothokoza ikasanduka yodzitama, ikonzeni chonchi

Anthu akhala akunditumizira ma meseji awo othokoza kuti ndiwaonere asanatumize, ena tikaweruka kutchalitchi amangondipatsa foni kuti tawerengani apa ngati zili bwino, ndipo vuto lake limakhala lomwelomwelo pafupifupi nthawi zonse, nde ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomupatsa izi. Munthu amayamba bwinobwino kuthokoza, koma pofika pakati meseji ija yakhota, yayamba kukamba zimene iyeyo anapereka pobweza. Mwini wake saona cholakwika chifukwa zonse walembazo ndi zoona, sananame olo pang'ono. Koma amene akuthokozedwayo akawerenga amamva ngati wapatsidwa lisiti, kuti zanu zija ndalipira, tisadzakumbutsanenso.

Nditenga nkhani imodzi yofala kwambiri kwa ife a kuno ku Harare, tiyende nayo mpaka kumapeto. Tiyerekeze mtsikana wachoka kwawo ku Mulanje, wakwera basi ku Blantyre, wadutsa Mwanza, Tete, walowa pa Nyamapanda, azakhali ake akamuchingamira pa Roadport nkupita naye kwawo ku Mufakose. Wakhala pamenepo miyezi 8, isanu yoyambirira alibe ntchito. Pano zayenda, wapeza kachipinda kakekake ku Budiriro, nde akufuna kuthokoza pa gulupu ya banja ya WhatsApp momwe muli abale a kuno, a ku Joni ndi akumudzi. Zimene walemba ndi izi:

"Ndikufuna kuthokoza azakhali chifukwa chondisunga miyezi 8 yonseyi. Sizinali zophweka koma Mulungu ndi wabwino. Olo ndinalibe zambiri, chiyambireni ntchito ndimayesetsa kugula tokeni ya magetsi ya $20 mwezi uliwonse ndi golosale, komanso fizi ya mwana wawo teremu yathayi ndinalipira ndine. Pochoka ndawasiyira kangachepe ka $100 ndi bulangete latsopano. Ine sindine munthu woiwala. Azakhali Mulungu akudalitseni."

Mtsikanayu mtima wake ndi wabwino, amawakonda azakhali akewo. Koma meseji iyi ikapita momwe ilili iwapweteka. Tiyeni tiikonze.

1. Werengani mokweza, muone kuti akuchita zinthu ndi ndani

Musawerenge chamumtima, tulutsani mawu ngati azakhaliwo akhala pampando patsogolo panu. Kenako yendani chiganizo ndi chiganizo mukudzifunsa kuti apa wachita chinthu ndani, iwowo kapena ine? Mu meseji ili pamwambayi azakhali achita chinthu chimodzi chokha, kusunga, ndipo chatha mu mzere woyamba. Mtsikana uja wachita zisanu: tokeni, golosale, fizi, $100, bulangete. Ndekuti munthu wa kumudzi amene sanaone kalikonse akawerenga atsala ndi chithunzi cha mtsikana wopatsa, azakhali angokhala ngati dzina la pamwamba.

Koma si "ndina-" aliyense amene ali woipa ayi, apa anthu ena amapitirira muyeso nkufufuta paliponse pamene adzitchula. "Ndinafika ndilibe kalikonse", "ndinadwala", "ndinkasochera mutauni", awa ndi abwino, akuonetsa pamene thandizo lawo linagwera. Ofunika kuwayang'anitsitsa ndi awa opereka: ndinagula, ndinalipira, ndinatumiza, ndinasiya, ndimayesetsa. Ngati aposa aja onena za iwowo, meseji yanu yakhota kale.

2. Chotsani zopereka zanu zonse, muyambe ndi manambala

Musazifufute kotheratu, zikopereni pena pake mu foni chifukwa pa sitepe yachitatu tizifunanso. Koma mu meseji yothokoza zichoke. Nambala yotsala ikhale yokhayo imene ikuyeza mtolo umene iwowo anasenza, monga miyezi 8 ija. $20 ndi $100 zikuyeza inu, zichoke. Ndipo kumbukirani kuti wa kumudzi akaona dola amaitembenuza kukhala ma kwacha mumutu mwake nthawi yomweyo, kenako nkhani pa gulupu imakhala yoti mwana uja zikumuyendera, mawa lake mwayamba kulandira ma meseji opempha, za azakhali zaiwalika.

Chovutirapo ndi mawu aja omveka odzichepetsa koma akugwira ntchito ya matama. "Kangachepe" ndi mawu aulemu ukamapereka chinthu pamanja osatchula kuchuluka kwake. Ukangoti kangachepe ka $100 ulemu uja watha, chifukwa ukuuza anthu kuti kwa iwe $100 ndi kanthu kakang'ono. Chimodzimodzinso "olo ndinalibe zambiri ndimayesetsa", apa mukupempha kuti akuyamikireni kawiri, poti munapereka komanso poti munapereka muli osauka. "Ine sindine munthu woiwala" ndi kudzichitira umboni nokha, komanso wina pa gulupupo amene anasungidwapo ndi azakhali omwewo osabweza kanthu amva kuti mukumulasa. Palinso kubisala kumbuyo kwa Mulungu, "ndikuthokoza Ambuye amene anandipatsa mphamvu kuti nanenso ndiwagulire...", ameneyu amadutsa mosavuta chifukwa palibe angatsutse, koma mndandanda wa zogula uja ulipobe.

Za fizi zija ndiye zichoke msangamsanga kuposa zonse. Inu mukuona ngati mukunena za ubwino wanu, koma zimene mwalengeza ku mtundu wonse ndi zoti azakhali analephera kulipirira mwana wawo sukulu teremu yatha. Mwina amuna awo sanafune kuti zimenezo zidziwike olo kwa abale awo enieni. Munthu wakusungani m'nyumba mwake, mwaona mavuto ake a mkati chifukwa anakutsegulirani chitseko, nde simungatuluke nawo panja mu dzina la kuthokoza.

Mukachotsa zonsezi mutsala ndi timizere tiwiri touma. Zisakudetseni nkhawa, tidzadzaza pa sitepe yachinayi.

3. Dzifunseni chimene chinakulembetsani zimenezo

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi chifukwa chake munthu amachotsa mawu aja lero, mawa potumiza wawabwezeretsa mwa njira ina. Zopereka zija sizinalowe mu meseji mwangozi, pali chinachake chimene mtima ukufuna, ndipo mukapanda kuchipezera njira yake chibwereranso basi. Tsegulani paja munakopera paja, muyang'ane chimodzichimodzi. Kawirikawiri zimachokera pa zinthu zinayi.

Choyamba ndi mantha a pakamwa pa abale. Tonse tikudziwa mmene zimakambidwira, "anangokhala ku Mufakose kudya zaulere miyezi 8", "anawadyera azakhali ake nkuthawa atapeza ntchito". Mantha amenewa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma taganizani amene angakuyeretseni pa nkhani imeneyi ndi ndani. Mukanena nokha kuti ndimagula magetsi, wamiseche uja angoti onani akudziteteza, ndekuti chilipo. Akanena azakhali kuti mwana uyu amatithandiza pakhomo, nkhani yatha pomwepo. Nde mukalemba nokha mwawalanda azakhali mpata wonena zimenezo, atsala ndi chani choti ayankhe, angoika ka chizindikiro ka manja opemphera basi. Asiyireni malo. Ndipo mukonzekeretu mumtima kuti mwina sanena, mwina si anthu olembalemba pa gulupu, mwina aiwala. Zikatero musabwererenso kukawonjezera. Ngati pali anthu amene akuyeneradi kudziwa kuti munakhala bwino ndi eni nyumba, ndi makolo anu, amenewo aimbireni foni paokha muwafotokozere, iwo adziwa mmene angayankhire wina akayamba zokambakamba kumudzi.

Chachiwiri ndi manyazi othandizidwa. Ichi nchobisika kwambiri. Munthu wamkulu ndithu, mwina kumudzi unali ndi ulemu wako, wafika kuno ukupempha ndalama ya kombi m'mawa uliwonse, sopo wosambira ukugawiridwa. Zimawawa. Nde ukapeza ntchito mtima umafuna kufufuta nthawi imeneyo, kuonetsa kuti sindinali wopemphetsa, tinkathandizana. Koma kuthokoza kwenikweni kumafuna kuti uvomere kuti panali nthawi imene unali pansi ndipo wina anakunyamula. Ukakana kuvomera zimenezo palibe chimene ukuthokoza. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, azakhali pokusungani anaika kanthu mwa inu, ubale umene uzipitirira zaka, mwana wawo mawa adzagogoda pa chitseko chanu. Mukawawerengera zimene mwabweza iwo amamva kuti mukutseka nkhaniyo, mukufuna mukhale anthu osakongozana kanthu. Njira yake apa ndi kulemba chiganizo chimodzi chovomera poyera kuti munalibe, monga "ndinafika ndi kachikwama kamodzi, sindinkadziwa munthu wina aliyense mu Harare". Chimavuta kulemba, chala chimakana, koma chiganizo chimenechi ndi chimene chimapangitsa zonse zotsatira kumveka zoona.

Chachitatu ndi chosavuta: mukungofuna kudziwa ngati ndalama inafika. Mwatumiza pa EcoCash kapena mwapatsira mwana envulopu, azakhali sananene kanthu, nde mwailowetsa mu meseji yothokoza kuti ayankhe. Ichi chili ndi njira yake, meseji ina, kwa iwo okha, makamaka tsiku lina: "Azakhali, ndatumiza kanthu pa foni yanu, mukaona mundiuze." Basi. Sikirinishoti ya EcoCash kapena ya Mukuru isapite pa gulupu, isungeni mu foni mwanu ngati pangadzakhale vuto loti ndalama sinafike.

Chachinayi ndi kakhumudwa kamene simunakanene. Onani mawu aja oti "sizinali zophweka". Zophweka kwa ndani? Pena munthu anakhala movutika m'nyumbamo, ankagwira ntchito zonse za pakhomo, ananyozedwapo pa chakudya, nde mndandanda wa zopereka uja ndi njira yonenera kuti musaganize kuti munandichitira zaulere. Ngati ndi choncho musadzikakamize kulemba meseji yaitali ya maluwa, imveka yabodza ndipo minga ituluka ndithu penapake. Pezani chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukuthokozadi kuchokera pansi pa mtima, olo kungoti anakupatsani pogona pamene munalibe kolowera, mulembe zimenezo mwachidule. Zodandaula zija ngati zikufunika kukambidwa, zikakambidwe pamaso, mwina pali amalume kapena wamkulu wina wa banja, osati pa gulupu pamene pali ana ndi apongozi.

Pali malo amodzi pamene manambala amafunikadi, ndipo anthu amasokoneza. Pa maliro, anthu akasonkha chipepeso, chimene anzathu achishona amati chema, kapena sosaite ya maliro ikatulutsa ndalama, pamayenera kukhala lipoti: zinalowa zingati, bokosi zingati, basi yopita kumanda zingati, chakudya zingati, ngati thupi linapita kumudzi thiransipoti zingati. Ndalama za anthu zimafuna kuwerengedwa poyera, ndipo ngati inu munawonjezera zanu zilembedwe momwemo pa mzere wake ngati za wina aliyense. Koma lipoti ndi lipoti, atumize msungichuma kapena amene banja lamusankha. Meseji yothokoza anthu amene anagona pa siwa ikhale ina, ndipo mmenemo musalowe zoti "olo bokosi ndinagula ndekha".

4. Dzazani mpata uja ndi zimene iwowo anataya chifukwa cha inu

Tsopano tabwerera ku timizere tiwiri touma tija. "Zikomo pondisunga" ndi mawu oona koma angalembedwe kwa wina aliyense. Khalani pansi mukumbukire kuti kukusungani kunawadyera chani, zinthu zenizeni zogwirika. Kuno ku Harare sizisowa. Nyumba zambiri za ku Mufakose, Highfield, Mabvuku ndi zazing'ono, mlendo akabwera ndekuti wina wasamuka pa bedi, mwina ana anakagona pabalaza miyezi yonseyo. Ngati nawonso ndi a lendi, mwina anachita kukapepesa kwa landilodi kuti pawonjezereka munthu. Madzi akasowa m'mipopi mumadziwa mzere wa pa mjigo mmene umakhalira, chidebe chimene munkasamba inu wina anachidzukira mbandakucha. Magetsi akathima gasi amatha msanga pophikira munthu wowonjezera. Ndalama ya kombi yopita mutauni kukasaka ntchito, ndani ankakupatsani? Ndani anakuphunzitsani Chishona choti mugulire zinthu ku Mbare Musika osaberedwa, ndani anakuuzani kombi yokwera ndi potsikira, ndani anakulankhulirani kwa abwana amene anakulembani ntchito?

Lembani zonse zimene mwakumbuka kenako musankhe ziwiri kapena zitatu zokha, zimene azakhali akawerenga anene kuti kodi mwana uyu anaziona zimenezi eti. Zing'onozing'ono zimene ankaganiza kuti simunazindikire ndi zimene zimagwira mtima kuposa zikuluzikulu. Kenako onjezani chiganizo chimodzi cha chimene chasintha pa moyo wanu chifukwa cha iwo. Apa samalani, chifukwa matama amakonda kulowera khomo limeneli: "pano ndili ndi ntchito yabwino, ndagula firiji ndi bedi" ndi kudzitama komwe kuja kwangosintha malaya. Nenani mopepuka, "pano ndili ndi pogona panga", ndipo muchimangirire kwa iwo.

Chenjezo lija la fizi ligwirenso ntchito pano. Potchula zimene anataya musaulule umphawi wawo. "Munkandigawira olo pamene zinthu zinali zovuta" zili bwino. "Olo munali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri" ayi. Ndipo musaiwale ena a m'nyumbamo, amuna awo a azakhali amene anavomera kuti m'bale wa mkazi wawo akhale, ndi ana amene anapereka malo awo. Ambiri amathokoza m'bale wawo wa magazi yekha, bambo a pakhomopo nkumangowerenga ali chete.

Meseji ija ikakonzedwa ikhoza kumveka chonchi:

"Azakhali, ndafuna ndikuthokozeni pamaso pa abale onse. Ndinafika mu Harare ndi kachikwama kamodzi, osadziwa munthu wina aliyense, inu munadzandidikira pa Roadport mpaka basi inafika usiku. Miyezi 8 mwandisunga ngati mwana wanu wobereka. Ana anandisiyira chipinda chawo osadandaula, inu m'mawa uliwonse munkandipatsa ya kombi kuti ndikasake ntchito, ndipo nditadwala muja munajomba ku msika kuti mukhale nane. Ankolo, zikomo pondilola m'nyumba mwanu komanso pondilankhulira kuntchito kuja. Lero ndili ndi pogona panga chifukwa cha inu. Ndilibe choti ndingakubwezereni chofanana ndi zimenezi. Mulungu akusungeni, ndipo Lamlungu ndibwera kudzakuonani."

Onani kuti mtsikana uja akupezekabe mu meseji, koma ngati wolandira. Tokeni, fizi, $100, palibe chatayika, azakhali akuzidziwa zonsezo, anazilandira ndi manja awo. Ndipo "Lamlungu ndibwera" akugwira ntchito imene "sindine munthu woiwala" ankafuna kugwira, kusiyana kwake nkoti ili ndi lonjezo laling'ono loti mukhoza kulisunga. Musalonjeze zikuluzikulu, "ndidzakumangirani nyumba kumudzi", "ana anu ndidzawaphunzitsa ndine", kumeneko ndi kudzitama ndi zinthu zimene simunachite nkomwe, ndipo pa gulupu anthu saiwala.

5. Nanga mphatso ija muitchule bwanji?

Pa gulupu musaitchule. Pitani nayo nokha, perekani ndi manja awiri, mawu ake akhale ochepa, "azakhali, aka ndi ka sopo", osatchula mtengo, ndipo chotsani kapepala ka mtengo pa bulangete lija. Ngati mwatumiza kudzera mwa munthu ndipo mukuyenera kulemba, chiganizo chimodzi chikwana, kwa iwo okha, ndipo musachilumikize ndi mawu oti "pobweza" kapena "chifukwa cha zimene munandichitira", chifukwa mukatero mwaika mtengo pa miyezi 8 ija, mwati inali ya $100. Chithunzi cha golosale pa sitatasi ndi mawu oti kuthokoza azakhali anga, chimenechonso ayi, anthu amaona matumba a shuga ndi mafuta, saona azakhali.

6. Yambani ndi iwowo musanapite pa gulupu

Munthu wamkulu asamve kuthokoza kwanu koyamba pa gulupu limodzi ndi wina aliyense. Kawaoneni kapena aimbireni kaye, pa gulupu pabwere pambuyo ngati umboni chabe. Ngati amuna awo ndi Mshona, monga zilili m'mabanja ambiri a ife kuno, kuwomba m'manja ndi "maita basa" pamaso pawo kumafika patali kuposa ndime yonse ya pa foni, ndipo ana obadwira konkuno amene Chichewa chowerenga chimawavuta auzeni pakamwa.

Ngati mukufuna kutumiza voisi noti chifukwa azakhali maso anayamba kuvuta, lembani kaye mawuwo papepala muziwerenga. Pakamwa pamathamanga, mukangoyamba kulankhula za mumutu pofika mphindi yachiwiri tokeni ija yabwereranso. Mverani musanatumize.

7. Ngati mwatumiza kale ija yoyamba ija

Zimachitika, ambiri amandifunsa zitapita kale. Pa WhatsApp mukhoza kukonza meseji mkati mwa mphindi 15 mutaitumiza, dinikizani pa mesejiyo musankhe Edit, ingoonetsa kuti yakonzedwa koma mawu akale saoneka. Nthawi imeneyo ikadutsa kwatsala Delete for everyone, imene imatheka kwa masiku awiri, koma imasiya chizindikiro choti pafufutidwa kanthu ndipo amene anawerenga anawerenga basi. Ngati muli zija za fizi kapena china chowachititsa manyazi, fufutani ndithu olo anthu afunse, kuti isamangokhala pamenepo aliyense nkumaibwerera. Ngati ndi matama chabe opanda chinsinsi cha munthu ndipo anthu ayankha kale, isiyeni, kufufuta kungoutsa nkhani.

Chimene musachite ndi kulemba chipepeso chachitali pa gulupu, "pepani sindimafuna kudzitama potchula za $100 ndi fizi zija", apa mwazitchulanso kachiwiri, amene sanaone poyamba aona tsopano. Imbirani azakhali, munene mwachidule: "Azakhali, meseji ija ndinalemba zambiri za ine, sizimayenera kutero, za sukulu ya mwana zija sindimayenera kuzitulutsa, mundikhululukire." Musayambe kufotokoza zifukwa zanu zonse. Mwina ati palibe kanthu mwanawe, mwina akhala chete pang'ono, alekeni anene zimene akufuna kunena osawadula. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri tumizani pa gulupu ija yokonzedwa ija, osaikapo mawu oyamba ofotokoza kuti iyi ndi yachiwiri.

Ndipo azakhali akayankha pa gulupu nkukuyamikirani, kuti mwana uyu amatigulira magetsi, anatithandiza pa sukulu, apo ndi iwo asankha kunena, ndi ufulu wawo. Inu musawonjezerepo zimene aiwala, musati "ndi bulangete lija azakhali". Musakanenso mokokomeza mpaka iwo achite kubwereza katatu. Yankhani kamodzi, "zikomo azakhali, munayamba ndinu", muike foni pansi, Lamlungu mukwere kombi ya ku Mufakose monga munalonjezera.